Seva ikafa lero masana, SACCO ibwerera pati ndipo itsegulanso liti?

Mabungwe ambiri osunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu anasiya kale mabuku aakulu a zikuto zolimba aja. Masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zonse zimakhala m'detabesi pa seva imodzi yomwe nthawi zambiri imakhala pansi pa tebulo mu ofesi ya akauntanti. Mukafunsa a manijala ngati ali ndi bakapu, kutanthauza kope la deta losungidwa padera, amayankha mosakayika kuti alipo, mnyamata wa makompyuta anakonza. Yankho limeneli ndi loona, koma silikuuzani chilichonse cha zomwe zidzachitike tsiku lomwe sevayo idzakane kuyaka.

Mafunso othandiza ndi awiri. Loyamba: makina akafa nthawi ino, tidzabwerera kumbuyo mpaka pati, ndipo ntchito ya maola angati idzatayika? Malire omwe bungwe lagwirizana pa funso limeneli akatswiri amawatcha RPO. Lachiwiri: kuchokera pomwe makina afera, padzadutsa nthawi yaitali bwanji kuti telala ayambenso kuthandiza anthu pa kauntala? Malire ake ndi RTO. Onse awiri amawerengedwa ndi mphindi, maola kapena masiku, koma amatetezedwa ndi zinthu zosiyana kwambiri. RPO imadalira kuti mumakopera kangati ndipo zokoperazo zimapita kuti. RTO imadalira anthu, makina osungira padera, msewu, netiweki ndi magetsi. Bungwe litha kukhala bwino kwambiri pa imodzi n'kukhala pangozi pa inayo.

Tiyerekeze SACCO ya pa boma la Dedza, ya mamembala 3,000: aphunzitsi, alimi a kachewere a ku Bembeke, amalonda omwe amakagula ndi kugulitsa pa Lizulu. Ili ndi matelala atatu, ndipo tsiku lotanganidwa la kumapeto kwa mwezi amalemba zolowa ndi zotuluka pafupifupi 400. Detabesi yawo ndi PostgreSQL, kukula kwake magigabaiti 8. Tsiku lililonse 6 koloko madzulo pulogalamu ya pg_dump imakopera detabesi yonse n'kuiika pa disiki yachiwiri m'seva yomweyo. Lachisanu lililonse akauntanti amakopera fayilo yomaliza pa disiki yonyamula m'manja n'kupita nayo kunyumba.

Aliyense mu ofesimo amakhulupirira kuti sangataye ntchito yoposa ya tsiku limodzi. Zimenezi n'zoona pa ngozi ya mtundu umodzi wokha, pomwe disiki yoyamba yafa koma yachiwiri yapulumuka. Mphenzi ikalowa kudzera pa waya wa magetsi kapena wa netiweki, monga zimachitikira m'nyengo ya dzinja kuno kumapiri, imatha kupsereza madisiki onse awiri nthawi imodzi. Akuba sasankha disiki, amanyamula bokosi lonse. Pamenepo chotsala ndi disiki ya kunyumba kwa akauntanti, ndipo ngati ngoziyo yachitika Lachisanu masana iwo asanakopere, mwataya ntchito ya sabata yathunthu. Ngati Lachisanu lapitalo anali kumaliro ndipo sanakopere, ndi masabata awiri. Choncho RPO yeniyeni siwerengedwa kuchokera pa bakapu yomaliza kupangidwa, koma pa bakapu yomaliza yomwe yapulumuka ngoziyo ndipo ikutheka kutsegulidwa.

Tsopano nthawi yodzukira. Mphenzi yagunda Lachisanu 3 koloko masana. Katswiri amakhala ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo ali pa ntchito ina. Afika Loweruka m'mawa. Aona kuti seva yapseratu. Kugula ina kukufunika makotesheni ndi siginecha ya tcheyamani wa bodi, ndiye mpaka Lolemba. Makina afika Lolemba madzulo. Lachiwiri m'mawa katswiri atha maola atatu akuika mapulogalamu, kufunafuna mtundu wa PostgreSQL wogwirizana ndi wakale ndi kukumbukira momwe pulogalamu ya matelala imalumikizirana ndi detabesi. Kubwezeretsa detabesi kukutenga ola limodzi lokha. Kenako pali malisiti olembanso. Ngati lisiti imodzi imatenga mphindi 2 kuipeza, kuilemba ndi kuiona ngati yalowa bwino, malisiti 400 ndi mphindi 800, maola oposa anayi kwa matelala atatu, ndipo ameneyo ndi a tsiku limodzi lokha. A sabata yathunthu afikitsa anthu Lachinayi. Pa masiku onsewa, ntchito yomwe anthu amaiganizira akamanena za bakapu yatenga ola limodzi. Zina zonse ndi kudikira munthu, kudikira makina ndi kulemba pamanja.

Ndimaona kuti apa ndi pomwe mabungwe ambiri amasocherera: amapita kwa katswiri kukafunsa pulogalamu yabwino ya bakapu, pomwe manambala awiriwa sakuyenera kuchokera kwa katswiri. Oyenera kuwanena ndi a manijala ndi bodi, chifukwa ndiwo akudziwa zomwe zimachitika pa kauntala. Ndipo funso losawathandiza ndi loti "mukufuna kutaya zochuluka bwanji?", popeza aliyense amayankha kuti sakufuna kutaya kanthu. Afunseni za ntchito yawo.

Mai akauntanti atha kukuuzani chonchi: "Achimwene, ndalama zolowa si vuto kwenikweni. Lisiti iliyonse ili ndi kaboni wake m'buku. Za pa Airtel Money ndi Mpamba titha kupempha sitetimenti n'kuziona zonse. Zomwe zimandiopsa ndi ngongole zomwe tasintha kabwezedwe kake, chiwongoladzanja chomwe makina awerengera okha, ndi ndalama zomwe munthu wasamutsa kuchoka ku akaunti ina kupita ku ina. Zimenezo zilibe pepala lokwanira." Yankho ngati ili limaonetsa kuti si deta yonse yomwe imatayika mofanana. Ina ili ndi mboni kunja kwa seva, ina ilibe.

Ndi mawerengedwe ochepa bodi itha kusankha mwanzeru. Zolemba 400 pa maola 8 ndi 50 pa ola, kapena 12 mpaka 13 pa mphindi 15. Zolemba 13 matelala atha kuzikumbukira, kuzipeza m'mabuku ndi kuzilembanso anthu ali pamzere osadandaula. Zolemba 400 ndi ntchito ya theka la tsiku ndipo mumalowa zolakwika. Ndiye bodi ikanena kuti RPO ikhale mphindi 15, ili ndi chifukwa chomwe ingafotokozere mamembala pa msonkhano wa pachaka.

RTO imafunsidwa motere: kodi mungagwire ntchito ndi mapepala okha kwa nthawi yaitali bwanji? Kulandira ndalama n'kosavuta. Kupereka n'kovuta, chifukwa telala sakudziwa kuti membala ali ndi zingati. Mphunzitsi wabwera kuchokera ku Linthipe kudzatapa za fizi ya mwana, mukumubweza. Mawa mbiri yafika pamsika kuti ndalama za ku SACCO zasowa, ndipo anthu ayamba kubwera ambiri kudzatapa zonse. Tinene kuti bodi yagwirizana maola anayi seva ikafa koma ofesi ili bwino, ndi masiku awiri ngati ofesi yonse yapsa kapena yathyoledwa. N'kololedwa, ndipo n'kwanzeru, kukhala ndi manambala osiyana pa ngozi zosiyana. Palinso njira yotsika mtengo yotalikitsira kupirira kwa ofesi: madzulo aliwonse kusindikiza mndandanda wa ndalama za membala aliyense n'kuutsekera m'sefa. Ndi pepala limenelo telala atha kupereka ndalama zochepa mosaopa pomwe makina akukonzedwa.

Manambala akadziwika, mapangidwe amadzionetsa okha. Mphindi 15 sizingatheke ndi pg_dump ya madzulo, ndipo kuiyendetsa kanayi pa ola kungalemetse seva pachabe. PostgreSQL ili ndi njira ina. Chilichonse chomwe chasintha m'detabesi chimalembedwa kaye m'mafayilo otchedwa WAL, iliyonse ya mamegabaiti 16. Mukakhala ndi kope lathunthu la mafayilo a detabesi, kuphatikiza mafayilo onse a WAL kuyambira pomwe kopelo linatengedwa, mutha kubwezeretsa detabesi mpaka pa mphindi iliyonse yomwe mwasankha. Chenjerani: kope lathunthulo liyenera kutengedwa ndi pg_basebackup kapena pulogalamu ngati pgBackRest. Fayilo ya pg_dump siigwirizana ndi WAL. M'fayilo ya postgresql.conf mumalemba:

```
archive_mode = on
archive_command = 'pgbackrest --stanza=sacco archive-push %p'
archive_timeout = 300
```

Mzere womalizawo ndiwo mwini RPO. SACCO yaing'ono imatha kukhala maola angapo isanadzaze mamegabaiti 16, ndipo fayilo ya WAL situmizidwa isanatsekedwe. Nambala 300 ikulamula kuti pakadutsa masekondi 300, ndiye kuti mphindi 5, fayilo itsekedwe n'kutumizidwa ngakhale sinadzaze, bola pakhale kanthu kolembedwa. Tasankha 5 pomwe cholinga ndi 15 kuti pakhale mpata netiweki ikagwedezeka. Mtengo wake ulipo: mafayilo 12 pa ola, 96 pa tsiku la ntchito, magigabaiti oposa limodzi ndi theka ngati sakupanikizidwa. Mwamwayi fayilo yotsekedwa isanadzaze imachepa kwambiri ikapanikizidwa, ndipo pgBackRest imapanikiza yokha, ndiye bandulo siipweteka kwambiri.

Mafayilowa apite malo awiri. Oyamba ndi kompyuta ina mu ofesi momwemo, m'chipinda china, pa UPS yakeyake, batire lomwe limagwira ntchito magetsi akazima. Achiwiri ndi kunja kwenikweni, ku nthambi ya ku Ntcheu ngati ilipo kapena kwa kampani yosunga deta pa intaneti. Kope la mu ofesi ndi la RTO, chifukwa kukopera pa waya wa m'nyumba n'kwa mphindi zochepa. Kope lakunja ndi la moto ndi akuba, ndipo kulibweretsa kumatenga nthawi. Tinene kuti kope lathunthu lopanikizidwa ndi magigabaiti 3, ndipo intaneti yanu imakoka mamegabiti 5 pa sekondi. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, ndiye magigabaiti 3 ndi mamegabiti 24,000. Kugawa ndi 5 ndi masekondi 4,800, mphindi 80. Amenewo ndi mawerengedwe a papepala. Tsiku la mvula ya mphenzi, pomwe magetsi azima ndipo netiweki ikubwera n'kupita, werengani kawiri kapena katatu. Pa masiku awiri omwe bodi yalola ofesi ikapsa, zikukwana. Pa maola anayi, zikanakhala zodalira mwayi.

Kufunika kwa mtunda kunaoneka mu Malichi 2021 ku Strasbourg m'dziko la France, pomwe moto unawononga nyumba yosungira maseva ya kampani ya OVH. Makasitomala ena anapeza kuti mabakapu awo anali pamalo omwewo, ndipo anataya zonse. Ngati izi zinachitika pa malo omangidwira ntchito imeneyi, ofesi ya lendi yoyandikana ndi golosale siyenera kudzidalira.

Njira ya WAL ili ndi msampha wake womwe uyenera kudziwika. Intaneti ikaduka, kapena bandulo ikatha Loweruka popanda wodziwa, mafayilo osatumizidwa amaunjikana mu foda ya pg_wal pa seva. PostgreSQL siiwafufuta mpaka atatumizidwa. Masiku akadutsa disiki imadzaza ndipo detabesi imaima, bakapu yomwe inayenera kukutetezani n'kukhala yoimitsa ntchito. Ndipo nthawi yonseyo RPO yanu ya kunja ikukula mwakachetechete. Kudziwa n'kosavuta:

```
SELECT last_archived_time, failed_count
FROM pg_stat_archiver;
```

Ngati nthawi yoyambayo yatsalira kuposa mphindi 15 pa nthawi ya ntchito, kapena nambala yachiwiriyo ikukwera, pali vuto. Chenjezo likonzedwe kuti lizilira pomwe bakapu sinaoneke, osati pomwe pulogalamu yanena kuti yalephera, chifukwa pulogalamu yomwe sinadzuke n'komwe siidandaula. Kampani ya GitLab inakumana nazo pa 31 Januwale 2017. Katswiri wawo anafufuta molakwitsa deta ya pa seva yaikulu poganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Atapita ku mabakapu anapeza kuti pg_dump inakhala ikulephera chifukwa inali ya mtundu wakale kuposa detabesi, ndipo maimelo ochenjeza sankafika kwa aliyense. Anapulumukira pa kope lomwe linatengedwa maola pafupifupi 6 ngozi isanachitike, ntchito ya maola amenewo inatayika, ndipo kubwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18.

Ena amati njira yachidule ndi kukhala ndi seva yachiwiri yomwe imalandira zosintha zonse nthawi yomweyo, kapena madisiki awiri olemba chimodzimodzi. Izi zimathandiza kwambiri RTO pomwe makina afa, koma sizilowa m'malo mwa bakapu. Wina akafufuta molakwitsa ngongole za mwezi wonse, seva yachiwiri imafufutanso pa sekondi yomweyo. Pulogalamu yoipa ija yotseka mafayilo n'kufuna dipo imatseka chilichonse chomwe ingafikire, kuphatikiza disiki ya bakapu yomwe imangokhala cholumikiza. Pa ngozi zotere chofunika ndi kutha kubwerera kumbuyo. Ngati cholakwika chinachitika 2:25 masana, mumaimitsa PostgreSQL n'kubwezeretsa mpaka 2:20:

```
pgbackrest --stanza=sacco --delta --type=time \
  --target="2025-06-27 14:20:00+02" \
  --target-action=promote restore
```

Pamafunikanso kope limodzi lomwe seva singathe kulifufuta ngakhale wakuba atatenga pasiwedi yaikulu: disiki yozulidwa n'kutsekeredwa m'sefa kwina, kapena malo a pa intaneti omwe amakana kufufuta fayilo masiku ake asanakwane. Disiki ya Lachisanu ija isasiyidwe, koma zikhale ziwiri zosinthana, ndipo zikhale zokhomedwa ndi kiyi wachinsinsi, chifukwa muli mayina, manambala a zitupa ndi ngongole za anthu 3,000 zikuyenda m'chikwama pa kabaza.

Kutalika kwa nthawi yosunga mabakapu kumatsatira nthawi yomwe cholakwika chimatenga kuti chioneke. Mu SACCO zambiri zimatulukira poyanjanitsa mabuku kumapeto kwa mwezi, ndiye kusunga masiku 7 okha n'kosakwanira. Masiku 35 a WAL amapitirira mwezi pang'ono, ndipo kope la kumapeto kwa mwezi uliwonse lisungidwe mpaka odita atadutsa. Kope lathunthu lizitengedwa sabata iliyonse ndi lina la zosintha zokha usiku uliwonse, chifukwa kuwerenganso WAL ya masiku ambiri pobwezeretsa kumadya RTO.

Maola anayi aja sakwanira ngati makina akukagulidwa ku Lilongwe. Kompyuta ya mu chipinda china ija ikhale yoti itha kunyamula ntchito ya seva: mapulogalamu onse aikidwa kale, PostgreSQL ya mtundu womwewo, pulogalamu ya matelala yayesedwa. Siyenera kukhala yamphamvu ngati seva. Matelala atatu atha kupirira makina ochedwa pang'ono kwa sabata. Ndondomeko yobwezeretsa ilembedwe sitepe ndi sitepe, isindikizidwe, ndipo munthu wa mu ofesi yemwe si katswiri athe kuitsatira katswiriyo akumuuza pa foni. Kiyi wotsegulira mabakapu alembedwe, aikidwe mu envulopu yomatidwa m'manja mwa anthu awiri a bodi. Bakapu yokhomedwa yomwe kiyi wake anali pa seva yopsayo, kapena m'mutu mwa mnyamata yemwe anapita ku Joni, ndi yotayika ngakhale fayilo yake ilipo.

Magetsi nawo ali m'kati mwa mawerengedwe. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira kuzima kwa maola ambiri. Ndondomeko ya maola anayi yomwe ikudalira kuti magetsi alipo ndi yongolakalaka. Sola ndi mabatire zokwanira kompyuta imodzi, rauta ndi malaputopu atatu si katundu wamkulu, ndipo UPS ilumikizidwe ndi seva kuti izitha kuizimitsa bwinobwino batire lisanathe.

Zonsezi zimakhala malonjezo mpaka mutayesa. Loweruka lina pa miyezi itatu iliyonse, ofesi itatsekedwa, a manijala azule waya wa netiweki pa seva n'kuyang'ana wotchi. Munthu yemwe sanalembe ndondomeko ndiye aitsatire. Wotchi iime pomwe telala walowa m'pulogalamu pa kompyuta yosungira ija n'kutsegula akaunti ya membala, osati pomwe lamulo lobwezeretsa lamaliza. Kenako akauntanti ayang'ane zinthu zitatu: chiwerengero cha ndalama zonse za mamembala, ngongole zonse zomwe zili kunja, ndi nambala ya lisiti yomaliza yomwe ikuoneka poyerekeza ndi kaboni womaliza m'buku. Kusiyana kwa nthawi pakati pa malisiti awiriwo ndiyo RPO yomwe muli nayodi. Kamodzi pa chaka yesani kuchokera ku kope lakunja lokha, ngati kuti ofesi kulibe.

Kuyesa koyamba kawirikawiri kumapitirira nthawi, ndipo zochedwetsa zimakhala zazing'ono: pasiwedi yomwe inasinthidwa osalembedwa, makompyuta a matelala omwe akufunafunabe adiresi ya seva yakale, chosindikizira malisiti chomwe chikukana, laisensi ya pulogalamu yomwe inamangiriridwa ku makina akale ndipo ikufuna wogulitsa aitsegule. Wotchi ikaonetsa maola 6 pomwe bodi inalemba anayi, pali njira ziwiri zokha zoona: kukonza zochedwetsazo n'kuyesanso, kapena kubwerera ku bodi kuti isinthe nambala n'kukonzekera maola 6 a mapepala. Zotsatira zilembedwe m'maminitsi, ndi tsiku lake ndi kukula kwa detabesi pa tsikulo, chifukwa magigabaiti 8 a chaka chino adzakhala 12 kapena 15 mamembala akachuluka, ndipo mphindi 80 zokokera kope lakunja zidzafunika kuwerengedwanso.